Banki yamukana Tadala: kodi pulani yake yachiwiri isiyane bwanji ndi yoyamba?

"Zikomo akuluakulu. Ndikulemba nkhani yaifupi ya mtsikana dzina lake Tadala, wa zaka 24, amene akufuna kuweta nkhuku za nyama. Banki yamukana ngongole, ndiye akukhala pansi kulembanso pulani ya bizinesi yake. Vuto langa ndi lakuti ndikafika pamene akulembanso, ndimangoti ‘anagwira ntchito usiku wonse mpaka pulani inakhala bwino.’ Anzanga amene awerenga akuti pamenepo sipakukoma. Kodi kwenikweni banki imakaniranji, ndipo iye asinthe chiyani?" Wowerenga wa ku Zomba.

Mchemwali, musataye pepala. Anzanuwo akuthandizani, chifukwa malo amene akuti sipakukoma ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo mankhwala ake ndi masamu ochepa chabe. Wowerenga sakhulupirira kuti pulani yakhala bwino chifukwa mlembi wanena. Amakhulupirira akaona nambala imene inali yabodza ikufufutidwa, ina yowawa ikulembedwa m'malo mwake. Choncho tiyambe tamulembera Tadala pulani yoyamba ija, yoti banki iikane pa zifukwa zomveka. Mitengo imene ndiike apa ndi yongochitira chitsanzo. Musanasindikize, mukafunse ya lero kwa ogulitsa anapiye ndi chakudya, chifukwa imasintha msanga.

Tinene kuti Tadala akupempha K6,000,000 kuti ayambe ndi nkhuku 500. Anapiye ndi K1,500 mmodzi, onse K750,000. Nkhuku ya nyama imadya pafupifupi makilogalamu 4 kuchokera tsiku loyamba kufika masabata asanu ndi limodzi, ndiye 500 zidya makilogalamu 2,000, omwe ndi matumba 40 a makilogalamu 50. Thumba likakhala K75,000, chakudya chokha chatenga K3,000,000. Khola walilembera K1,500,000, ndipo K750,000 yotsalayo ndi ya modyera, momwera, mbaula ndi zina zoyambira. Kumbali ya malonda walemba kuti adzagulitsa nkhuku 500 pa K11,000 imodzi, apeze K5,500,000. Akachotsa anapiye ndi chakudya, phindu ndi K1,750,000 pa gulu lililonse. Pepalalo ndi lotayipa bwino, lili m'chikuto cha pulasitiki, tsamba loyamba likunena za masomphenya ake odzalemba ntchito achinyamata. Musamupange wopusa. Pulani zambiri zoyamba zimakhala chonchi, ndipo masamu ake ophatikiza ndi kuchotsera ndi olondola. Cholakwika ndi zimene sanalembemo.

Wa ngongole ku banki akalandira pepala ili sachedwa pa masomphenya. Amatsegula tsamba la ndalama, m'mutu mwake muli funso limodzi: tsiku lobweza likakwana mwezi uliwonse, ndalamayo idzakhala ili m'manja mwa mtsikanayu, yachokera kuti? Chiwongola dzanja kuno n'chokwera. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongola dzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezerapo pawo akamakongoza munthu amene sakumudziwa. Ndiye m'nkhani mwanu 30 peresenti pa chaka sikukokomeza. Ngongole ya K6,000,000 yobweza miyezi 12 pa mlingo umenewu imafuna pafupifupi K585,000 mwezi uliwonse.

Apa ndiye pamene pulani ya Tadala ikugwera. Gulu limodzi la nkhuku silitenga masabata asanu ndi limodzi okha. Pali masiku ogulitsa, kenako khola lichotsedwe manyowa, litsukidwe, lipoperedwe mankhwala, lipumule sabata imodzi kapena ziwiri anapiye ena asanalowe. Zonse pamodzi ndi miyezi iwiri. M'miyezi iwiriyo banki ikufuna kawiri, K1,170,000. Tsono nkhuku sizifika zonse pa msika. Ngakhale mlimi wosamala amayembekezera kuti zisanu mwa 100 zifa, ndiye pa 500 patsala 475, zomwe zibweretsa K5,225,000. Komanso Tadala waiwala ndalama zimene zimatuluka gulu lililonse: katemera wa chitopa ndi gumboro, makala otenthetsera anapiye m'masabata awiri oyamba, utuchi kapena mankhusu a mpunga oyala pansi, mayendedwe. Tiike K400,000. Phindu lenileni latsika kufika pa K1,075,000, pamene banki ikufuna K1,170,000. Akuperewera K95,000, asanagule ndi sopo yemwe.

Pali china chimene mlembi angachikonde kwambiri. Kubweza koyamba kumabwera patatha mwezi umodzi ndalama italowa mu akaunti. Tsiku limenelo amisiri adzakhala akukhomabe malata a khola, kapena anapiye adzakhala ali ndi sabata imodzi, akulira pansi pa mbaula. Palibe chogulitsa. Wa ngongole akhoza kungoloza pa kalendala ndi cholembera n'kufunsa kuti, "Mayi, pa 30 mwezi wamawa mudzatipatsa chiyani?" Funso limenelo likhale m'nkhani mwanu, ndipo Tadala asakhale ndi yankho.

Za msika nazo n'zofunika. Mu pulani walemba kuti "anthu ambiri amakonda nkhuku." Zoona, koma ndani adzagule 475 m'sabata imodzi? Nkhuku ya masabata asanu ndi limodzi imadya magalamu oposa 150 pa tsiku. Zikangokhala zonse osagulidwa, zimaliza thumba ndi theka tsiku lililonse, ndalama yoposa K100,000, ndipo wogula sadzawonjezera mtengo chifukwa choti zinadya kwambiri. Alimi ambiri amagwa pamenepa, nkhuku zili zonenepa bwinobwino.

Zifukwa zina ndi za mapepala, ndipo pa izi musatayepo masamba ambiri. Akaunti yake anatsegula mwezi watha, ndiye palibe sitetimenti yoonetsa mmene ndalama zimalowera ndi kutuluka. Mabanki amafuna kuona miyezi ingapo, kawirikawiri itatu kapena isanu ndi umodzi. Bizinesi sinalembetsedwe m'kaundula wa boma, ilibe nambala ya msonkho ya ku MRA. Chikole chimene walonjeza ndi malo a amayi ake kumudzi, omwe ndi malo a makolo opanda chikalata cha umwini, ndiye banki singawagulitse zinthu zikavuta. Ndipo iye mwini sakuikapo tambala. Wokongoza akaona kuti ndalama yonse ndi yake, amadziwa kuti nkhuku zikafa wotaya ndi iye yekha. Ngati mukufuna chopinga china chobisika, mabanki amayang'ananso mbiri ya munthu ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, omwe anakhazikitsidwa pansi pa lamulo la 2010. Kangongole kakale kamene sanamalize kangathe kuonekera kumeneko. Koma ine ndikanakhala inu sindikanaikamo zimenezi. Nkhani yaifupi sisenza zopinga zambiri, ndipo kalendala ija ndi yokwanira.

Chonde wa ngongoleyo musamupange chilombo. Alembi ongoyamba kumene amakonda bwana wa mimba yaikulu amene amaseka mtsikana kapena kumufunsira. Zoterozo zilipo m'dziko, koma mukaziika apa ndiye kuti pulani sinali vuto, ndipo kuilembanso kulibe tanthauzo. Wa ngongole weniweni ndi waulemu, watopa, mafayilo aunjikana patebulo, ndipo nthawi zambiri si iye amene amagamula. Amangotumiza fayilo kwa akuluakulu oona za ngongole. Akhoza kunena kuti, "Pepani mayi, fayilo yanu sinadutse." Chimene chingasonyeze mtima wa Tadala ndi kusanyamuka pampando. Afunse kuti, "Bambo, mungandionetse tsamba limene munaimira?" Anthu ambiri amatuluka mwamanyazi osafunsa. Ndipo bankiyo musaitchule dzina lenileni. Ingonenani kuti banki ya m'tauni, mwapewa mavuto.

Tsopano usiku uja. Choyamba, usakhale usiku umodzi. Pulani yachiwiri silembedwa ndi nyali yokha, imalembedwa ndi miyendo. Tadala apite kogulitsa chakudya cha nkhuku akatenge kotesheni yodinda. Akhale tsiku lonse kwa mayi wina woweta nkhuku, aone kope lake la imfa, aone mmene amanyamulira nkhuku yakufa m'mawa popanda kudandaula n'kulemba nambala. Ayende m'malesitilanti ang'onoang'ono ndi kwa okazinga tchipisi kufunsa kuti amagula zingati pa sabata, kwa yani, pa mtengo wanji, ndipo amalipira pompo kapena pakutha pa mwezi. Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa wogula wa ngongole amakusiya ndi khola lopanda nkhuku komanso thumba lopanda ndalama tsiku limene banki ikudikira. Ngati nkhani yanu ilola kuti papite miyezi inayi kapena isanu, ndibwino koposa: atenge kangachepe ku banki m'khonde, awete nkhuku 50 kawiri m'khola lakale la kuseri kwa nyumba, asunge malisiti onse, ndipo aliyense wogula alipire kudzera pa foni kapena ndalamayo aziiponya mu akaunti tsiku lomwelo. Pamenepo sitetimenti yabadwa, ndipo nambala za mu pulani zachokera m'khola lake, osati m'mutu.

Akakhala pansi kulemba, chinthu choyamba kufufuta ndi 500. Alembe 100. Onetsani dzanja lake likuzengereza, chifukwa m'nambala imeneyo munali ulemu wake, anali atauza kale anzake. Masamu atsopano ndi awa. Anapiye 100 ndi K150,000. Chakudya matumba 8, K600,000. Katemera, makala, utuchi ndi mayendedwe K100,000. Zonse K850,000. Khola samanganso, akukulitsa lomwe lilipo, popeza nkhuku 100 zimakwana m'chipinda cha mamita pafupifupi 3 mulifupi ndi 4 mulitali. Zisanu wazilemba kale kuti zifa. Zotsala 95 pa K11,000 zibweretsa K1,045,000. Phindu ndi K195,000 pa miyezi iwiri.

Kenako afufute 6,000,000. Pa K850,000 ija, K500,000 ndi yake, yochokera ku magulu awiri aja ndi zimene wasunga. Akupempha K350,000 yokha, ndipo akunena chimene igule: matumba a chakudya, kotesheni yake ili kumapeto kwa pulani, ndipo ngati wokongoza afuna alipire yekha kwa wogulitsa chakudyayo. Mawu amenewa wokongoza amawakonda, chifukwa mantha ake ena ndi oti ndalama ya nkhuku ikathera ku maliro kapena fizi. Kubweza miyezi 6 pa chiwongola dzanja chomwe chija ndi pafupifupi K63,500 pa mwezi, kapena K127,000 pa gulu lililonse. Phindu la K195,000 likukwanira n'kutsalako K68,000.

Apa pali chithunzi chimene ndikukupatsani kwaulere. Tadala agawe K850,000 ndi K11,000. Apeza kuti nkhuku 78 zoyamba kugulitsidwa si zake, ndi za anapiye ndi chakudya cha gulu lotsatira. Akawonjezera za wokongoza, nambala ikufika pa 89. Mwa nkhuku 95, zake ndi zisanu ndi imodzi basi. Muimikeni pakhomo la khola m'mawa akuziwerenga ndi maso, akusankha kuti zake ndi ziti. Ndime imodzi yoteroyo iposa masamba atatu onena kuti analimba mtima. Koma muonetsenso mbali inayo, kuti pakatha miyezi 6 ngongole yatha, mpamba wonse wa K850,000 ndi wake, ndipo nkhuku 11 zimene zinkapita kwa wokongoza zabwerera kwa iye.

Kalendala ija ayenera kuiyankha, apo ayi nkhani yasiya chingwe panja. Njira zilipo zitatu ndipo musankhe imodzi. Akhoza kupempha kuti ayambe kubweza pakatha miyezi iwiri, zimene okongoza ena amalola pa ngongole za ulimi, koma chiwongola dzanja chimawerengedwabe. Akhoza kuonetsa ndalama ina imene amapeza, monga ya mandasi kapena kaunjika, yoti ilipire mwezi woyamba. Kapena, ndipo iyi ndi imene ine ndingasankhe chifukwa ikuonetsa nzeru zake, agawe nkhuku pawiri, 50 m'chipinda chimodzi, 50 zina zilowe m'chipinda china pakatha masabata anayi. Akatero mwezi uliwonse pali zogulitsa, ndipo msika wake sukuyenera kumeza zonse nthawi imodzi. Popeza anali ataweta kale, gulu lake lakale lidzakhala likukhwima pamene kubweza koyamba kukukwana. Njira iyi ili ndi choopsa chake chimene mlangizi wa ziweto angamuuze: nkhuku za misinkhu yosiyana zikayandikana, matenda amachoka kwa zazikulu n'kugwira zazing'ono. Ndiye zipindazo zitalikirane, chilichonse chikhale ndi ziwiya zake ndi madzi a mankhwala opondamo pakhomo, ndipo m'mawa aziyamba kwa anapiye kenako kwa zazikulu. Tizinthu totere ndi timene timapangitsa wowerenga kumva fungo la khola.

Pulani yachiwiri ikhalenso ndi tsamba limene yoyamba inalibe, la "zikavuta." Apa nkhani yanu ikhoza kugwira nthawi yeniyeni. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera m'masabata ochepa. Aliyense amene anali ndi pulani yolemba mwezi wa October anadzuka ndi pepala lopanda ntchito. Tadala ayese yekha: chakudya chikakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, matumba 8 afika K720,000, phindu latsika kufika pa K75,000, losakwana K127,000 ya ngongole. Achita chiyani? Alembe kuti akakweza nkhuku ndi K1,000, pa 95 apeza K95,000 yowonjezera, phindu n'kubwerera pa K170,000. Alembenso kuti chakudya cha gulu lonse azigula nthawi imodzi n'kuchisunga pa matabwa, malo ouma, osakhudza khoma. Za nyengo zilowenso. Kutentha kwa October kumapha nkhuku zazikulu masana, zikuwefuka milomo ili yasa. December malonda amayenda chifukwa cha Khirisimasi ndi maukwati. January ndi February anthu ndalama yapita ku fizi ndi feteleza, ndiye gulu la nthawi imeneyo likhale laling'ono. Wokongoza akaona tsamba ili amadziwa kuti akulankhula ndi munthu amene wagwirapo nkhuku.

Pa chikole, malo a amayi achokemo. Lamulo la 2013 linalola kuti katundu wosunthika, monga makina, galimoto, ziweto kapena katundu wa malonda, alembetsedwe ngati chikole, ndiye filiji yaikulu kapena makina osokera zikhoza kutchulidwa, ngakhale si wokongoza aliyense amene amavomera. Pa ngongole yaing'ono ambiri amafuna munthu womuimira, wolandira malipiro pamwezi, amene adzalipire Tadala akalephera. Apa ndiye pali nkhani ya anthu, osati ya manambala. Apita kwa malume ake aphunzitsi, agwada, "Malume, ndabwera ndi kapepala." Malumewo akudziwa kuti akasaina, malipiro awo ndi amene ali pa mbedza. Asavomere msanga. Afunse funso lomwe lija la pa 30, ndipo ulendo uno mtsikanayo atsegule tsamba n'kuyankha. Ngati mukufuna yesero, mubweretse mnzake womulozera kwa wa katapila, amene amapereka lero lomwe koma amafuna ndalamayo ndi theka lake pamwamba mwezi ukatha. Tadala awerengere pa nkhuku zake zisanu ndi imodzi zija, aone yekha.

Za mathero, ndikuchenjezeni pa chimodzi. Mathero oti banki yomwe ija yampatsa mamiliyoni onse n'kumuombera m'manja ndi abodza, ndipo owerenga amene anakanidwapo adzadziwa. K350,000 ndi ndalama imene nthawi zambiri imatuluka ku SACCO kapena ku mabungwe okongoza ndalama zing'onozing'ono, osati pa tebulo la ngongole za bizinesi ku banki yaikulu. Ku SACCO munthu amayamba wakhala membala n'kusunga ndalama kwa kanthawi, ndipo ngongole imayenderana ndi zimene wasunga. Kumabungwe ang'onoang'ono chiwongola dzanja chimatchulidwa pa mwezi, ndipo chikhoza kuposa cha banki kutali, makamaka ngati amachiwerengera pa ndalama yonse yoyamba mpaka kumapeto osati pa yotsala. Palinso ndalama zoyendetsera fomu ndi inshuwalansi zimene amadula ngongole isanafike m'manja, ndiye wopempha K350,000 salandira yonse. Tadala wachiwiriyu afunse zimenezi asanasaine. Wa ngongole uja akhoza kuwerenga pulani yatsopano n'kunena kuti, "Iyi ndi yabwino, koma ndalamayi yatichepera. Yendetsani akaunti chaka chimodzi mubwerenso." Mutha kumaliza pomwepo, kapena akutuluka ndi fayilo kupita khomo lina, kapena atazindikira kuti ndi magulu ena anayi a nkhuku 50 sakufunikanso ngongole konse. Onsewa ndi mathero oona.

Musatsanulire manambala onsewa m'nkhani. Inu muwadziwe onse, wowerenga aone anayi kapena asanu: 500 imene ikusanduka 100, tsiku la pa 30, nkhuku zisanu zimene wazilemba kale kuti zifa, ndi zisanu ndi imodzi zake zija. Ena atuluke m'kamwa mwa apangankhani pokangana, osati m'ndime ya mlembi yofotokoza.

Mukamaliza kulemba, muwerengetse kwa anthu awiri amene si alembi. Woyamba akhale woweta nkhuku kapena mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, akuuzeni ngati masiku a katemera ndi kuchuluka kwa chakudya zikumveka. Wachiwiri akhale munthu amene wagwirapo ntchito ya ngongole ku banki kapena ku SACCO, akonze zimene wa ngongole wanu akulankhula. Ndipo ngati Tadalayu ndi inu nomwe kapena mng'ono wanu, monga zimakhalira ndi makalata ambiri otere, musatenge mitengo yangayi kupita nayo ku banki. Bwererani kumene munakanidwa mukafunse chifukwa chenicheni, mukapemphe lipoti la mbiri yanu ya ngongole muone ngati mulibe cholakwika, ndipo pangano lililonse lokhudza nyumba, malo kapena malipiro a wachibale lisasainidwe musanalionetse kwa wodziwa malamulo.